Kalembedwe ka chidule cha msonkhano wa banki m'khonde: phunziro lochokera ku Chilinde



Mwana wanga wamkazi amakhala ku Chilinde, mumzinda wa Lilongwe, kufupi ndi Kawale. Amagulitsa usipa ndi utaka umene amaoda kwathu kuno, ndipo ali m'gulu la banki m'khonde la amayi a geni ngati iyeyo. Ulendo wina nditapita kukamuona, ndinapeza amayi awiri a gululo atasiya kupatsana moni. Mmodzi ankati anabweza K20,000 ya ngongole yake, msungichuma ankati sanailandire. Anandiitana kuti, "A Shehe, tithandizeni." Ndinapempha kope la mlembi. Pa tsiku limene ankakanganiranalo panalembedwa mawu awa okha: "Msonkhano unayenda bwino. Anthu anaponya masheya. Ena anabweza, ena anatenga ngongole, abweza mwezi wamawa."

Ndinalephera kuweruza, chifukwa panalibe choweruzira. Mwina onse awiri ankanena zoona monga mmene ankakumbukirira. Mlandu unatha mogawana chitayiko, koma mayi mmodzi anatuluka m'gulu. Chaka chotsatira gululo linasankha mwana wangayo kukhala mlembi, ndiye tinakhala pansi kukonza kalembedwe kamene ndikufuna kukuphunzitsani lero.

Chidule ndi chiyani, popeza mabuku alipo kale?

Njira ya banki m'khonde imene ambiri timatsata inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991. M'njira imeneyi membala aliyense amagula masheya kuyambira imodzi mpaka asanu pa msonkhano, kabuku kake kamadindidwa, ndipo ndalama zimatsekeredwa m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Vuto ndi lakuti timabuku ta mamembala ndi buku lalikulu la mlembi nthawi zambiri zimatsekeredwa m'bokosi momwemo. Kabuku kamanenanso za munthu mmodzi basi, sikanena za tsikulo.

Chidule, chimene ena amati maminitsi, ndi tsamba limodzi lonena zimene zachitika pa msonkhano umodzi. Liyenera kuyankha mafunso anayi. M'bokosi munali zingati tisanayambe? Zalowa zingati, kuchokera kwa yani? Zatuluka zingati, kupita kwa yani, ndipo zibwera liti? Zatsala zingati? Munthu amene sanabwere akawerenga n'kumafunsabe limodzi mwa mafunso amenewa, chidulecho sichinagwire ntchito.

Kwa ife Asilamu nkhani iyi si yachilendo. Ndime yaitali kuposa zonse m'Kurani yolemekezeka, ya 282 ya Surat Bakara, ndi ya kulemba ngongole. Imatilamula kulemba tikakongozana mpaka nthawi yodziwika, kuti mlembi alembe mwachilungamo, kuti wokongolayo ndi amene anene zolembedwa, kuti pakhale mboni, ndiponso kuti tisatope kulemba ngakhale ngongoleyo ndi yochepa. Zinthu zimenezi mudzaziona zonse m'munsimu.

Tsiku limene tigwirirepo

Tiyeni titenge chitsanzo cha gulu ngati la ku Chilinde lija. Manambala ndawasankha kuti masamu aoneke bwino, inu mudzaikamo anu. Gulu lili ndi anthu 20, limakumana Lamulungu lililonse masana, sheya imodzi ndi K2,000, ndipo aliyense amasonkha K500 ya thumba la chithandizo, lija la matenda ndi maliro. Lamulo lawo ndi lakuti munthu asakongole kuposa katatu pa zimene wasunga. Anayamba pa 4 Meyi 2025, ndiye msonkhano wa pa 15 Juni 2025 ndi wachisanu ndi chiwiri.

Pamwamba pa tsamba mlembi alembe tsiku lathunthu, nambala ya msonkhano, ndi anthu amene abwera. Tsikuli abwera 18. Membala nambala 9 watumiza uthenga kuti ali kuchipatala ndi mwana, nambala 16 sanabwere ndipo sananene kanthu. Awiriwa alembedwe mosiyana, chifukwa malamulo a magulu ambiri amapereka chindapusa kwa wojomba popanda chifukwa.

Mwaona kuti ndikutchula anthu ndi manambala. Membala aliyense akhale ndi nambala yake imene ili pa kabuku kake. M'gulu limodzi mumatha kukhala a Mayi Phiri atatu, ndipo pepala likagwa panjira, wotola asadziwe kuti wakongola K90,000 ndi ndani.

Choyamba: zimene zinatsala

Asanalandire ndalama iliyonse, wapampando afunse gulu kuti sabata yatha m'bokosi munatsala zingati. Anthu ayankhe pamtima, mlembi awerenge chidule chapitacho, kenako bokosi litsegulidwe, owerenga ndalama awerenge pamphasa onse akuona. Tsikuli za ngongole zapezeka K46,000, za chithandizo K31,500, ndipo zikugwirizana ndi zolembedwa. Mlembi alembe manambala awiriwa m'mizere iwiri. Matumba awiriwa musawaphatikize, ngakhale papepala. Mukangowaphatikiza, tsiku lina mudzakongoza ndalama ya maliro osadziwa, ndipo maliro akadzagwa m'thumba mudzakhala mulibe kanthu.

Chachiwiri: zosonkha

Apa alembi ambiri amalemba chiwerengero chimodzi, "masheya K124,000", basi. Sizikwanira. Lembani kuchuluka kwa masheya komanso ndalama zake: masheya 62, pa K2,000 imodzi, K124,000. Manambala awiriwa amalonderana. Wina akawerenga zidindo zatsopano m'timabuku tonse ayenera kupeza 62. Akapeza 63, ndiye kuti kabuku kena kadindidwa kowonjezera, ndipo mwazigwira tsiku lomwelo, osati pa tsiku logawana pamene palibe amene akukumbukira.

Masheya a munthu aliyense ali m'kabuku kake ndi m'buku lalikulu, choncho simuyenera kuwabwereza onse m'chidule. Koma chilichonse chimene chayenda mosiyana ndi masiku onse chilembedwe. Tsikuli nambala 9 watumiza K6,000 ya masheya atatu pa Airtel Money, ku foni ya msungichuma. Masheya atatuwo ali m'kati mwa 62 aja, koma ndalama yake sinafike pamphasa. Gwirani mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Za chithandizo asonkha anthu 18, yakwana K9,000. Nambala 9 ndi 16 sanasonkhe, ndiye alembedwe kuti atsala ndi K500 aliyense. Gulu lagwirizana kupereka K10,000 kwa nambala 9 chifukwa cha matenda a mwana. Mlembi alembe kuti ndi chithandizo, sichibwezedwa, ndiponso amene wanyamula ndalamayo kukapereka. Thumbali latsala ndi K30,500.

Chachitatu: zobweza

Mzere uliwonse wa wobweza ukhale ndi zinthu zitatu: wabweza zingati, watsala ndi zingati, ndipo chotsalacho chibwera liti. Mlandu wa amayi awiri uja sukanakhalapo pakanakhala mzere umodzi wotere.

Nambala 4 wabweza K30,000 ndipo wamaliza. Mawu akuti "wamaliza" alembedwe ndithu, ndiwo risiti yake. Nambala 11 wabweza K20,000 pa ngongole ya K60,000, watsala ndi K40,000, gawo lotsatira pa 13 Julayi. Nambala 13 amayenera kubweza K25,000 koma wabwera ndi K15,000. Gulu lamumvera chisoni n'kumupatsa masabata awiri. Musalembe kuti "amukhululukira", chifukwa iye adzamva kuti ngongole yatha pamene gulu limatanthauza kuti lamuwonjezera masiku. Lembani kuti watsala ndi K10,000, gulu lavomera kuti abweze pa 29 Juni. Zobweza zonse pamodzi ndi K65,000.

Gulu la m'chitsanzochi silitenga chiwongoladzanja, popeza kwa Msilamu chimenechi ndi riba. Koma ndikudziwa kuti magulu ambiri m'matauni ndi m'midzi amatenga, ndipo ena mwa inu ndinu alembi m'magulu osakanikirana. Ngati kuli tero, ndalama yobweza pa ngongole yeniyeni ilembedwe payokha, yowonjezerayo payokha. Ngati siziikidwa padera, munthu amalipira miyezi itatu akuganiza kuti ngongole ikuchepa pamene ili pomwepo.

Chachinayi: ngongole zovomerezedwa

Tsopano tiwonkhetse zimene gulu lingakongoze: K46,000 yotsala, K124,000 ya masheya, K65,000 yobweza. Zonse ndi K235,000. Nambala imeneyi ilembedwe ndi kulengezedwa anthu asanayambe kupempha.

Apempha anthu anayi. Nambala 7 akufuna K90,000 yokaoda usipa ku Senga Bay, ndipo wasunga K34,000. Katatu pake ndi K102,000, ndiye wavomerezedwa yonse. Nambala 2 wapempha K80,000 ya geni ya tomato, koma wasunga K22,000, malire ake ndi K66,000, ndipo gulu lamupatsa yomweyo. Nambala 15 wasunga K20,000, wapempha K50,000 ya kaunjika, wavomerezedwa. Nambala 18 wapempha K40,000, koma zatsala K29,000 zokha. Iye wati adikira, ndipo gulu lalonjeza kuti adzakhala woyamba sabata yamawa.

Taonani nambala 2. M'chidule mulembe zonse ziwiri, zimene anapempha ndi zimene walandira. Mukalemba K80,000 yokha, pa tsiku lobweza adzafunsidwa ndalama imene sanaigwire. Taonaninso nambala 18. Amene sanapatsidwe naye alembedwe, ndi chifukwa chake. Apo ayi sabata yamawa wina wa mawu okwera adzamudutsa, ndipo adzayamba kunena kuti m'gulu muno muli tsankho.

Mawu akuti "kuvomereza" ndi "kupereka" musawasakanize. Ngongole ingavomerezedwe lero koma ndalama n'kuperekedwa sabata ina. Lembani "walandira" pokhapokha ndalama yawerengedwa n'kulowa m'manja mwake, ndipo wasaina kapena wadinda chala.

Chachisanu: masiku obwezera

Apa ndi pamene pamagona milandu yambiri. "Mwezi wamawa" si tsiku. Amene watenga pa 15 Juni angati mwezi wamawa ndi 15 Julayi, wina angati ndi 31 Julayi, pamene gulu limawerenga masabata anayi, kutanthauza 13 Julayi. "Idi ikatha" si tsikunso, chifukwa ma Idi ndi awiri ndipo tsiku lake limadikira kuoneka kwa mwezi. "Ndikagulitsa" ndi "ndikakolola" ndiye n'zoipiratu.

Mlembi akhale ndi kalendala pambali. Tsiku lobweza likhale tsiku la msonkhano, kuti ndalama ibwezedwe pamaso pa anthu, osati panjira kapena kunyumba kwa msungichuma. Ngati ngongole ibwezedwa m'magawo, gawo lililonse likhale ndi tsiku lake ndi ndalama yake. Nambala 7 abweza K30,000 katatu: pa 13 Julayi, pa 10 Ogasiti ndi pa 7 Sepitembala. Nambala 2 abweza K33,000 kawiri: pa 13 Julayi ndi pa 10 Ogasiti. Nambala 15 abweza K50,000 yonse pa 13 Julayi.

Musanalembe, wokongolayo aimirire anene yekha: "Ine nambala 7 ndalandira K90,000, ndibweza K30,000 pa 13 Julayi," mpaka kumaliza. Mlembi alembe zimene wamva. Munthu amene wanena ndi pakamwa pake anthu 17 akumva sadzati mlembi anamulembera zabodza. Ndipo nthawi zina ponena mokweza m'pamene munthu amazindikira kuti tsikulo salikwanitsa, n'kupempha lina ndalama isanachoke pamphasa.

Inu a kunyanja onjezerani nzeru yanu. Juni ndi Julayi ndi miyezi ya mwera, pamene mabwato amatha kukhala pamtunda masiku angapo. Mwezi ukawala kwambiri, usipa wopha ndi nyali umachepa. Kumapeto kwa chaka kuli nyengo yotseka nyanja kwa makoka ena. Mlimi wa mpunga naye ndalama amaiona akakolola. Zimenezi zikambidwe posankha tsiku, koma cholembedwa chikhale tsiku la pa kalendala. Onaninso kuti tsiku lomaliza kubweza lisapitirire tsiku logawana.

Pamene masamu akana

Zatuluka K206,000 pa K235,000, ndiye m'bokosi muyenera kutsala K29,000. Owerenga awerenga, apeza K23,000. Pamphasa pangoti zii, maso onse kwa msungichuma.

Zikatere bokosi lisatsekedwe ndipo munthu asachoke. Mlembi ayambe ndi kusiyanako: K6,000. Afunse kuti pa tsambali ndi pati pamene pali K6,000. Ndi masheya atatu a nambala 9 aja, amene ali pa foni. Kusiyana kukafanana ndi mzere wina, vuto lili pa mzerewo. Kukakhala K2,000 kapena K4,000, werengani zidindo. Kukakhala K500, onani ngati ndalama ya chithandizo yasochera m'mbale ya masheya. Kukakhala kosagwirizana ndi chilichonse, werenganinso ndalama zimene okongola alandira, popeza akadali pomwepo.

Chofunika ndi chakuti mlembi asasinthe nambala kuti masamu agwirizane. Alembe zoona: m'bokosi K23,000, pa foni ya msungichuma K6,000, adzabwera nayo pa 22 Juni. Gulu ligwirizanenso kuti ndalama yodulidwa potapa kwa ejenti alipire ndani, ndipo zilembedwe.

Pali muyeso wina wabwino m'gulu losatenga chiwongoladzanja. Ngongole zonse zimene zili kunja mukaphatikiza ndi zotsala, zifanane ndi masheya onse chiyambire. Sabata yatha kunja kunali K690,000. Chotsani K65,000 yobwezedwa, onjezani K206,000 yatsopano, mupeza K831,000. Onjezani K29,000, yakwana K860,000, amene ndi masheya 430. Ngati zidindo za m'timabuku tonse zikwana 430, gonani tulo.

Tsamba lomalizidwa

Chidule chonse chioneke motere:

Msonkhano wa 7, Lamulungu 15 Juni 2025. Abwera 18. Wopepesa: na. 9. Wojomba: na. 16.

Zotsala za sabata yatha: za ngongole K46,000, za chithandizo K31,500.

Masheya 62, K124,000. Atatu a na. 9, K6,000, abwera pa foni ya msungichuma.

Chithandizo: zalowa K9,000; na. 9 ndi na. 16 atsala ndi K500 aliyense. Zatuluka K10,000 kwa na. 9, matenda, sizibwezedwa, wanyamula ndi wapampando. Zatsala K30,500.

Zobweza K65,000. Na. 4, K30,000, wamaliza. Na. 11, K20,000, watsala ndi K40,000, gawo lotsatira K20,000 pa 13 Julayi. Na. 13, K15,000, watsala ndi K10,000, abweza pa 29 Juni.

Zokongoza zinalipo K235,000. Na. 7 walandira K90,000, abweza K30,000 pa 13 Julayi, pa 10 Ogasiti ndi pa 7 Sepitembala. Na. 2 anapempha K80,000, walandira K66,000, abweza K33,000 pa 13 Julayi ndi pa 10 Ogasiti. Na. 15 walandira K50,000, abweza yonse pa 13 Julayi. Na. 18 anapempha K40,000, ndalama sizinakwane, akhala woyamba pa 22 Juni.

Zatsala K29,000: m'bokosi K23,000, pa foni K6,000 yobwera pa 22 Juni. Ngongole zili kunja K831,000.

Asaina: wapampando, mlembi, ndi mamembala awiri osakhala m'komiti.

Anthu asanabalalike

Chidule chilembedwe pamsonkhano pomwepo, ndi bolopeni, m'kope losokedwa limene masamba ake alembedwa manambala. Mukati mukalembera kunyumba, mwafika kale pa "msonkhano unayenda bwino". Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi kuti cholakwikacho chiziwerengekabe, lembani cholondola pambali, wapampando asainepo. Osafufuta, osang'amba tsamba.

Kenako mlembi awerenge tsamba lonse mokweza, pang'onopang'ono. M'magulu athu muli ena amene sukulu sanapite nayo patali, ndipo kwa iwo kumva ndiko kuwerenga. Wapampando afunse ngati pali wotsutsa. Pakapanda, asaine, bokosi litsekedwe. Tsamba lina lofanana nalo lisungidwe ndi munthu amene sasunga bokosi kapena kiyi.

Ku Chilinde ambiri ali ndi mafoni a WhatsApp, ndipo amakonda kujambula tsambalo n'kutumiza pa gulu. Ine ndinamulangiza mwana wanga kuti pa foni azitumiza manambala a anthu ndi masiku obwezera okha. Foni imabwerekedwa, imagwiridwa ndi ana ndi amuna a eni ake, ndipo m'tauni si bwino kulengeza kuti m'bokosi mwagona zingati.

Amene ndinu alembi, tengani kope lanu usiku uno, mutsegule pa msonkhano wapitawo. Sankhani munthu mmodzi amene ali ndi ngongole, muone ngati tsambalo lokha, popanda kufunsa wina, lingakuuzeni zimene analandira, zimene watsala nazo ndi tsiku limene abwere nazo. Ngati silingathe, pa msonkhano ukubwerawu yambani ndi kufunsa aliyense wa ngongole kuti anene yake pamaso pa gulu, mulembe, asaine.

Allah atidalitsire malonda athu, minda yathu ndi maukonde athu. Wassalaamu alaikum.